Pampu imodzi, madimba ambiri: ndandanda yothirira imene sidanitsa abale

 Lero tikhala pansi pa nkhani ya pampu ya injini, pampu imodzi imene alimi ambiri a kalabu imodzi amagawana, ndi mmene tingalembere ndandanda yoti aliyense athirire popanda mkangano.

Ambiri tikukumbukira chilala cha mvula ya 2023 mpaka 2024, pamene mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a dziko lino ali pa ngozi. Chodabwitsa n'chakuti chaka chomwecho nyanja inadzaza kwambiri, madzi mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja kuno ku Mangochi. Kumtunda chimanga chikupsa, kumunsi madzi akusefukira. Alimi ambiri ataona zimenezi anasonkherana ndalama, ena analandira thandizo, ndipo mapampu analowa m'madimba. Koma paja amati walira mvula walira matope. Pampu ikafika, funso limabwera nayo limodzi: athirire ndani lero?

Makalabu ambiri amayankha mwachangu kuti, “Aliyense maola awiri, basi, tisakondere.” Zimamveka zachilungamo. Koma mawu anga lero ndi akuti chimanga sichimwa maola, chimamwa madzi. Ndandanda yabwino imagawa madzi ofika pa mbewu, ndipo maola ndi muyezo chabe wa madziwo. Tiyeni tiyende limodzi pang'onopang'ono, muone chifukwa chake.

Tiyerekeze kalabu ya alimi 12 m'mphepete mwa Shire. Ali ndi pampu imodzi ya petulo, ya paipi ya mainchesi atatu, yonga imene timaiona m'masitolo a zaulimi. Munda wawo anaugawa m'ndime, ndime iliyonse kota ya ekala, kutanthauza pafupifupi masikweya mita 1,000. Alimi 10 ali ndi ndime imodzi imodzi, alimi awiri ali ndi ndime ziwiri ziwiri. Zonse pamodzi ndi ndime 14. Mbewu yawo ndi chimanga chachiwisi, ndipo mwezi ndi Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo limene tonse a kunyanja timalidziwa.

Chinthu choyamba sikugula kope ayi. Choyamba ndi kupeza mgolo wa malita 200 ndi wotchi ya pa foni. Lizani pampu, ikani kukamwa kwa paipi mu mgolo pamalo enieni pamene madzi amatulukira m'munda, ndipo muwerenge masekondi mpaka mgolo utadzaza. Musakhulupirire nambala yolembedwa pa katoni ya pampu. Nambala imeneyo ndi ya pampu imene sikukweza madzi pamtunda ndipo ilibe mapaipi aatali. M'munda mwanu madzi amachepa chifukwa cha chitunda, kutalika kwa mapaipi ndi malo odontha.

Mu kalabu yathu ija, tinene kuti pa ndime za pafupi ndi mtsinje mgolo wadzaza m'masekondi 24. Ndiye kuti pampu ikupereka malita 500 pa mphindi, amene ndi malita 30,000 pa ola. Koma pali ndime ziwiri zakumtunda, kumene amalumikiza mapaipi onse amene ali nawo. Kumeneko mgolo womwewo wadzaza m'masekondi 40. Ndiye kuti kukufika malita 300 okha pa mphindi, malita 18,000 pa ola. Pampu ndi imodzimodzi, petulo ndi yemweyo, phokoso ndi lomwelo, koma pa ola limodzi wakumtunda akulandira zidebe zitatu pamene mnzake walandira zisanu. Mukawapatsa maola ofanana, mwamulanda wakumtunda madzi masana dzuwa likuswa, inu muli kunena kuti simunakondere.

Vuto limeneli si lathu lokha. Ku Punjab, m'maiko a India ndi Pakistan, alimi akhala akugawana madzi a ngalande kwa zaka zoposa 100 mwa njira yotchedwa warabandi. Mlimi aliyense ali ndi nthawi yake yokhazikika pa sabata, yolingana ndi kukula kwa munda wake. Njirayi inathetsa mikangano yambiri chifukwa aliyense amadziwa tsiku ndi ola lake. Koma dandaulo lake lodziwika ndi lomweli: amene ali kumapeto kwa ngalande amalandira madzi ochepa, chifukwa ena amalowa pansi panjira, ngakhale nthawi yawo ili yokwanira. Ife tingatengeko ubwino wa nthawi yokhazikika, n'kukonza cholakwikacho ndi mgolo wathu uja.

Tsopano funso lachiwiri: ndime imodzi imafuna madzi ochuluka bwanji? Chimanga chimene chakula, m'nyengo yotentha ngati ya Okutobala kuno kunyanja, chimamwa pafupifupi malita 6 pa sikweya mita iliyonse tsiku lililonse. Pa ndime ya masikweya mita 1,000, amenewo ndi malita 6,000 pa tsiku. Koma si madzi onse otuluka mu paipi amene amafika ku mizu. Ena amathawira pansi, makamaka pa dothi lamchenga, ena amasefukira kunja kwa mabeseni. Choncho tiike malita 10,000 pa tsiku, amene ndi malita 70,000 pa sabata. Dothi lamchenga silisunga madzi nthawi yaitali, ndiye simungathire onsewo tsiku limodzi. Tiwagawe pawiri: kuthirira kawiri pa sabata, malita 35,000 ulendo uliwonse.

Apa masamu afika poyera. Ndime ya pafupi, yolandira malita 500 pa mphindi, ikufuna mphindi 70, ola limodzi ndi mphindi 10. Ndime yakumtunda, yolandira malita 300 pa mphindi, ikufuna pafupifupi maola awiri. Ndipo musaiwale nthawi yokoka mapaipi, kulumikiza ndi kupatsirana pampu, imene tingaiike pa mphindi 20. Makalabu ambiri amaiwala nthawi imeneyi, ndipo imadyedwa kwa munthu womaliza, amene amapeza dzuwa litalowa asanamalize. Ndiye gawo limodzi la ndime ya pafupi likhale ola limodzi ndi theka.

[NYIMBO PANG'ONO]

Mukumvera nkhani ya ndandanda yogawana pampu, ndipo tafika pojambula ndandandayo. Amene muli ndi kope pafupi, tengani cholembera.

Gawani munda m'zigawo zitatu molingana ndi pamene pampu imakhazikidwa m'mphepete mwa madzi. Cholinga chake n'chakuti pampu inyamulidwe kamodzi kokha pa tsiku. Ndandanda yotsata maina mmene analembedwera m'kaundula imayendetsa pampu uku ndi uku ngati wogulitsa usipa, mapaipi n'kumang'ambika, nthawi n'kumatha. Chigawo choyamba, cha ndime zisanu, chithirire Lolemba ndi Lachinayi. Chachiwiri, cha ndime zisanu, Lachiwiri ndi Lachisanu. Chachitatu, cha ndime zinayi, kuphatikizapo ziwiri zakumtunda zija, Lachitatu ndi Loweruka. Masiku okhazikika chonchi ndi osavuta kusunga pamtima. Ngakhale agogo amene sanapite kusukulu amadziwa kuti, “Ine ndine wa Lolemba ndi Lachinayi.”

Tsiku lililonse likhale ndi magawo asanu. Atatu m'mawa: kuyambira hafu pasiti 5 mpaka 7 koloko, 7 koloko mpaka hafu pasiti 8, hafu pasiti 8 mpaka 10 koloko. Kenako injini ipume, anthu nawonso apume. Masana magawo awiri: hafu pasiti 2 mpaka 4 koloko, ndi 4 koloko mpaka hafu pasiti 5. Muona kuti pakati pa tsiku palibe wothirira. Zimenezi zikuthandiza injini, komanso Lachisanu abale athu achisilamu akupita ku mzikiti ku swala ya Ijumaa popanda kutaya gawo lawo. Muonanso kuti palibe gawo la usiku. M'mphepete mwa Shire ndi Malombe muli ng'ona ndi mvuu, ndipo munthu wokaika paipi m'madzi kuli mdima akuika moyo wake pachiswe chifukwa cha ndandanda yolembedwa molakwika.

Nanga chigawo chachitatu chija, cha ndime zinayi m'magawo asanu? Wina anganene kuti patsala gawo limodzi laulere. Silaulere ayi. Limenelo ndi la ndime ziwiri zakumtunda. Agawane pakati, aliyense awonjezere mphindi 45 pa ola ndi theka lake, akhale ndi maola awiri ndi mphindi 15. Pamenepo madzi ofika pa chimanga chake afanana ndi a mnzake wa kumunsi. Wina adzang'ung'udza kuti, “Bwanji uyu akutenga nthawi yaitali?” Musakangane naye. Mutengereni ku mgolo, agwire yekha wotchi. Mgolo ulibe mbale.

Lamulungu lisalembedwe dzina la munthu aliyense. M'mawa akhristu ali ku tchalitchi, ndipo masana ake ndi nkhokwe ya kalabu. Ndandanda yodzaza masiku onse asanu ndi awiri imaoneka yanzeru pa pepala, koma imagwa tsiku loyamba limene chingwe cholizira injini chaduka kapena petulo wasowa pa malo omwetsera mafuta, monga takhala tikuonera m'zaka zapitazi. Tsiku lopanda dzina ndi limene limapulumutsa ndandanda yonse.

Pali chinthu chinanso chimene chimabala chidani mwakachetechete. Magawo asanu aja si okoma mofanana. Gawo loyamba m'mawa ndi labwino: kunja kuli kozizira, mphepo sinayambe, ndipo palibe amene wakuchedwetsa. Gawo lomaliza limasenza kuchedwa kwa anthu onse anayi. Mukasiya munthu mmodzi kumapeto nyengo yonse, nthawi zambiri amakhala mayi wamasiye kapena mnyamata wosatha kuyankhula pa msonkhano. Choncho maina azizungulira. Amene anali woyamba sabata ino apite kumapeto sabata yamawa, wachiwiri akhale woyamba, ena onse asunthe chimodzimodzi. Pakatha masabata asanu, aliyense walawa gawo lililonse. Sabata yoyamba yeniyeni, chitani maere pamaso pa onse, kuti pasakhale wonena kuti wapampando anadziika patsogolo.

Ndandandayi ilembedwe pawiri. Ina pa bolodi kapena pa katoni yaikulu, yopachikidwa pamene pampu imagona, kuti aliyense aziiona. Pambali pa dzina pakhale chizindikiro chimene mwini wake wasankha, kaya nsomba, kaya khasu, kaya mtengo wa mlambe, kuti wosadziwa kuwerenga asadalire kuuzidwa. Ina ikhale m'kope limene limayenda ndi pampu. M'kopemo, pa gawo lililonse, mulembe zinthu zinayi zokha: dzina, nthawi yoyamba ndi yomaliza, petulo amene wathiridwa, ndi mmene pampu inalili popatsirana. Wopereka ndi wolandira onse asaine kapena adinde chala. Ndipo wosunga kope asakhale wapampando, asakhalenso amene pampu imagona kunyumba kwake. Makiyi kwina, kope kwina.

[NYIMBO PANG'ONO]

Tsopano tikambe za masiku ovuta, chifukwa ndandanda imayesedwa pamene zinthu zasokonekera.

Choyamba, pampu ikawonongeka. Tinene kuti Lachiwiri yafa anthu awiri atathirira, atatu asanathirire, ndipo amakaniko aikonza Lachitatu madzulo. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti Lachinayi m'mawa a tsikulo amafika n'kunena kuti, “Lero ndi tsiku lathu.” Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma taganizani: a Lachinayi anathirira Lolemba, pamene atatu a Lachiwiri aja anathirira komaliza Lachisanu lapitalo, ndipo a Lachitatu anathirira Loweruka. Lamulo likhale lolembedwa nthawi isanafike: pampu ikadzuka, imayambira pamene inagwera. Otsala a Lachiwiri ayambe, a Lachitatu atsatire, ena onse asunthe. Masiku amenewo gwiritsani ntchito nthawi ya pakati pa tsiku ndi Lamulungu lija mpaka aliyense atabwerera pa tsiku lake.

Chachiwiri, maliro ndi matenda. Munthu amene ali pa zovuta asataye gawo lake, pakuti chimanga sichidziwa kuti pamudzi pagwa zovuta. Aliyense akhale ndi mnzake wa m'chigawo chomwecho amene angamuthiririre kapena kusinthana naye. Koma kusinthana kulikonse kulembedwe m'kope kusanachitike. Mgwirizano wa pakamwa wa anthu awiri panjira ndi umene umabweretsa anthu atatu pa pampu nthawi imodzi. Wongojomba popanda chifukwa, gawo lake lapita, adikire Lamulungu ngati mpata ulipo.

Chachitatu, ndani ayambe pa Lamulungu ofuna akachuluka? Apa musayang'ane nkhope, yang'anani mbewu. Chimanga chimapirira ludzu pang'ono chikadali chaching'ono, koma pa nthawi yotulutsa ngayaye ndi ndevu, masiku ochepa a ludzu amachititsa kuti chisononkho chituluke ndi mano apatali apatali, ndipo palibe madzi a m'mbuyo amene angabweze zimenezo. Choncho woyamba ndi amene anaphonya gawo chifukwa cha kuwonongeka kwa pampu, wachiwiri ndi amene chimanga chake chili pa ngayaye, ena pambuyo. N'chifukwa chake ndi nzeru kuti zigawo zitatu zija zisabzale tsiku limodzi. Zikasiyana ndi masabata awiri awiri, sizifika pa ngayaye nthawi imodzi, ndipo simupita ku msika wa pa boma kapena ku Monkey Bay nonse sabata imodzi kukagwetserana mtengo.

Chachinayi, petulo ndi oyilo. Lamulo losavuta ndi ili: landira thanki yodzaza, pereka thanki yodzaza. Pampu yotere imadya lita imodzi mpaka lita ndi theka pa ola, ndipo kope lidzakuuzani nambala yanu yeniyeni pakatha sabata. Koma onani kuti wakumtunda uja akuwotcha petulo wambiri pofuna madzi ofanana ndi anzake. Ngati ndime zinagawidwa ndi kalabu, si kulakwa kwake kuti anagwera kumtunda, ndipo ndi bwino kuti petulo azisonkhedwa pa ndime, osati pa ola. Za oyilo, injini zambiri zazing'onozi zimafuna kusintha oyilo pakatha maola 20 oyamba ikadali yatsopano, kenako pafupifupi maola 100 alionse. Onani kabuku ka injini yanu. Mu kalabu yathu pampu ikulira pafupifupi maola 36 pa sabata, ndiye maola 100 akukwana masabata atatu asanathe. Popanda kope palibe amene angadziwe zimenezi, ndipo injini imafera m'manja mwa munthu mmodzi amene amasenza mlandu wa anthu 12. Tsiku losintha oyilo lilembedwe pa bolodi ngati gawo la pampu yeniyeniyo. Pampu nayonso ndi membala.

Mungadziwe bwanji kuti ndandanda yanu yayamba kudwala? Yendani m'munda m'mamawa. Chimanga kupinda masamba masana dzuwa litakula si zachilendo, koma chikakhala chopinda m'mawa, ndime imeneyo ikuperewera madzi. Ngati ndime zopinda zili za mbali imodzi nthawi zonse, vuto ndi ndandanda, osati mlimi. Onaninso kope: mizere yopanda siginecha ndi chizindikiro chakuti pampu yayamba kuyenda mwamseri, mwina kukagwira ganyu kwa anthu akunja. Ndipo bwerezani muyezo wa mgolo masabata awiri alionse. Ngati masekondi 24 aja asanduka 30, china chake chasintha. Mwina sefa ya kumapeto kwa paipi yatsekeka ndi zinyalala, mwina paipi yokoka madzi ikuyamwa mpweya, mwina mchenga wadya chopukusa madzi cha m'kati mwa pampu, kapena madzi atsika pamene chilimwe chikukula ndipo pampu ikukoka kuchokera patali. Sefa isagone pa mchenga, ndipo pampu isalizidwe musanathiremo madzi, chifukwa ikalira youma imapsereza chotsekera madzi cha m'kati. Mukakonza zonsezi koma masekondi osabwerera, magawo ayenera kutalikitsidwa.

Pomaliza, ndandanda ili ndi malire ake. Magawo 15 pa masiku atatu ndiwo mphamvu yonse ya pampu imeneyi m'mwezi wotentha, ndipo kalabu yathu yawadzaza onse. M'miyezi yozizira ya mwera, Juni ndi Julayi, chimanga chimamwa pang'ono, pampu imaoneka ngati ili ndi mpata, ndipo mtima umafuna kulandira mamembala atsopano kapena kutsegula ndime zina. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndime zimene mwawonjezera mu Julayi zidzafuna madzi awo onse mu Okutobala, ndipo pamenepo palibe kalembedwe kamene kadzatulutse madzi amene pampu ilibe. Werengani ndime zanu ndi muyezo wa mwezi wotentha kwambiri. Wa nambala 13 akagogoda, yankho lachikondi ndi kumuuza zoona, n'kuyamba kusonkherana za pampu yachiwiri.

Ndiye pa msonkhano wanu wa sabata ino, musayambire pansi pa mtengo. Yambirani kumunda. Itanani alangizi a zaulimi a m'dera lanu ngati angathe kubwera, gubuduzani mgolo mpaka pa ndime ya kutali kwambiri, ndipo wotchi mum'patse amene amadandaula kwambiri pa nonsenu. Masekondi amene awerenge ndiwo mzere woyamba wa m'kope lanu.